Lipoti la Fizi la Mwezi wa Febuluwale 2025

Kwa: Aphunzitsi Aakulu ndi Komiti Yoyendetsa Sukulu
Kuchokera kwa: Msungichuma wa sukulu
Tsiku: Lolemba, 3 Malichi 2025
Teremu yachiwiri, Fomu 1 mpaka Fomu 4

Mabuku ndinawatseka Lachisanu pa 28 Febuluwale nthawi ya 4 koloko madzulo. Ndalama iliyonse yomwe yalowa pambuyo pa nthawi imeneyi idzaoneka mu lipoti la Malichi. Fizi ya teremu ino ndi K90,000 kwa Fomu 1 ndi Fomu 2, ndipo K100,000 kwa Fomu 3 ndi Fomu 4. M'kaundula muli ophunzira 210, kutanthauza kuti tikuyenera kutolera K19,780,000. Pofika tsiku lotseka tinali titatolera K12,340,000, ndipo K7,440,000 idakali kwa makolo.

| Kalasi | Ophunzira | Omaliza kulipira | Operekako pang'ono | Osapereka kalikonse | Zotoleredwa | Zotsala |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Fomu 1 | 64 | 31 | 24 | 9 | K3,940,000 | K1,820,000 |
| Fomu 2 | 58 | 22 | 23 | 13 | K2,900,000 | K2,320,000 |
| Fomu 3 | 47 | 14 | 18 | 15 | K2,160,000 | K2,540,000 |
| Fomu 4 | 41 | 27 | 11 | 3 | K3,340,000 | K760,000 |
| Zonse pamodzi | 210 | 94 | 76 | 40 | K12,340,000 | K7,440,000 |

Pa ngongole yonseyi, K3,660,000 ndi ya ana 76 omwe aperekako pang'ono, pomwe K3,780,000 ndi ya ana 40 omwe sanaperekeko ngakhale tambala.

Mu Januwale tinatolera K7,890,000, koma mu Febuluwale tangopeza K4,450,000. Pa ndalama ya mwezi unoyi, K1,960,000 yadzera kubanki, K1,730,000 yadzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo K760,000 makolo abwera nayo pamanja kuofesi. Malisiti onse ndawafananiza ndi sitetimenti ya kubanki ndipo zikugwirizana. Kutsikaku sikunandidzidzimutse. Tili m'gwang'gwa, ndipo chilala cha chaka chatha chinasiya nkhokwe zambiri zopanda kanthu msanga. Makolo athu ochuluka ndi alimi a fodya, soya ndi mtedza kuno ku Kasungu. Ndalama yawo ili m'munda ndi m'zigafa, ndipo msika wa fodya ku Chinkhoma nthawi zambiri umatsegulidwa cha mu Epulo.

Fomu 4 ili bwino. Makolo akudziwa kuti mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo safuna mwana ajombe ngakhale tsiku limodzi. Atatu omwe sanaperekewo makolo awo anabwera okha kudzalonjeza tsiku. Fomu 1 nayo siyikundidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa ambiri mwa ana 24 operekako pang'onowo adutsa theka: apereka K1,150,000 ndipo yatsala K1,010,000.

Ku Fomu 2 makolo angapo andiuza mosabisa kuti ndalama yomwe anasungira fizi anayamba alipirira mayeso a JCE ku MANEB teremu yatha, ndipo kuchokera pamenepo sanadzukenso. Ana 23 apereka K920,000 yokha pa K2,070,000 yomwe amayenera kupereka.

Pomwe ndikupempha komiti kuti ikhalirepo pansi ndi pa Fomu 3. Kalasi imeneyi ndi yaing'ono kuposa Fomu 1 ndi Fomu 2, koma ndiyo ili ndi ngongole yaikulu, ndipo sinafike ngakhale theka la K4,700,000 yomwe tikuyembekeza. Nditaona kuti ana 15 sanapereke kalikonse ndinatenga kaundula wa m'kalasi kwa aphunzitsi awo n'kuyang'ana dzina ndi dzina. Anayi amalipiriridwa ndi mpingo, womwe unatilembera kalata yoti ndalama ibwera pakati pa Malichi. Asanu sanaonekeko m'kalasi kuyambira sabata yachitatu ya Januwale. Kotero omwe akuphunzira tsiku ndi tsiku popanda chilichonse cholembedwa pa dzina lawo ndi asanu ndi mmodzi okha.

Asanu osowawa ndi omwe akundipweteka mtima. Atatu ndi atsikana. M'buku langa akuoneka ngati ngongole ya K500,000, koma mwina ena mwa iwo anasiya sukulu chifukwa chochita manyazi ndi fizi yomweyi, ndipo palibe wa ife amene wapita kwawo kukafunsa. Ndikupempha kuti dzina lililonse lisafufutidwe m'kaundula amayi a gulu loona za atsikana ndi mphunzitsi wa kalasi asanakafike kumakomo kwawo.

Ndinachita chimodzimodzi ndi makalasi ena. Pa ana onse 40 osaperekawo, asanu ndi mmodzi ndi olipiriridwa ndi mpingo (anayi a Fomu 3 ndi awiri a Fomu 2, pamodzi K580,000), asanu ndi awiri sakubwera kusukulu, ndipo 27 ndi omwe tiyenera kukambirana ndi makolo awo maso ndi maso.

Pali K215,000 yomwe sindinaiike pa tebulo lili pamwambali. Inalowa kubanki maulendo atatu popanda dzina la mwana kapena kalasi: K100,000 pa 11, K70,000 pa 19 ndi K45,000 pa 26 Febuluwale. N'kutheka kuti pali mwana yemwe ndamulemba kuti sanalipire pomwe kholo lake linalipira kale. Aphunzitsi alengeze m'makalasi kuti aliyense amene ali ndi silipi ya masiku amenewa abwere nayo kuofesi. Makolo akumbutsidwenso kuti potumiza pa foni aziwonjezera ya chodula, chifukwa ena akumatumiza yoperewera ndi timakwacha tochepa kenako n'kumadabwa kuti bwanji mwana sanalembedwe pa omaliza.

Ngongole ya teremu yoyamba ndaisunga payokha. Inali K1,265,000 pa ana 19, ndipo mwezi uno palibe yomwe yabwezedwa.

Titalipira malipiro a Febuluwale, magetsi, madzi, choko ndi mapepala, kuakaunti ndi m'bokosi kwatsala K2,980,000. Malipiro a aphunzitsi, alonda ndi wosesa a mwezi wa Malichi ndi K3,600,000. Tikuperewera K620,000, tisanawerengere mapepala ndi inki ya mayeso otsekera teremu.

Ndamva ena akunena kuti Lolemba likudzali tibweze aliyense amene ali ndi ngongole. Ine sindikugwirizana nazo. Tikatero tibweza ana 109 pa ana 203 omwe akubwera, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo aonetsa kale mtima wofuna kulipira. Mayi wina wa mwana wa Fomu 2 wabwera kasanu mwezi uno, ulendo uliwonse ndi K5,000 ya zitumbuwa, ndipo malisiti ake onse amawasunga m'kapepala ka pulasitiki. Munthu wotere sitingamuike gulu limodzi ndi amene sanayankhe kalata ziwiri. Ngati aliyense mwa makolo 76 operekako pang'onowo atawonjezera K20,000 pofika pa 21 Malichi, tipeza K1,520,000, ndipo malipiro akwana. Kuphatikiza ya mpingo ija, mayeso nawonso alembedwa popanda kukongola.

Choncho ndikupempha komiti ikakumana Loweruka pa 8 Malichi kuti ivomereze kuitana makolo a ana 27 aja mmodzimmodzi, aliyense asaine pepala lonena ndalama yomwe angayambe nayo ndi tsiku lomwe adzamalize, ngakhale litakhala la pambuyo pogulitsa soya kapena fodya. Maina a ana angongole asawerengedwe pa asembule kapena kumatidwa pakhoma. Mndandanda wa maina, kalasi ndi ndalama ya aliyense ndaupereka kwa aphunzitsi aakulu mu envulopu yomata, ndipo mabuku a malisiti nambala 14 mpaka 17 ali kuofesi kwa membala aliyense wa komiti wofuna kuwaona.

Ndine wanu pa ntchito,
Msungichuma wa sukulu