Pulani yotsuka ndi kumata mano a ana pa sukulu ziwiri za m'zoni mwathu

Kwa a PEA, mahedi onse awiri, aphunzitsi a SHN, a komiti ya sukulu, amayi a madagulupu ndi alangizi a zaumoyo. Iyi ndi pulani ija ndinalonjeza, muiwerenge tisanakumane ku TDC Lachisanu, pomwe simukugwirizana napo mudzanene.

Vuto mukulidziwa kale. Kuchokera kuno kukafika kuboma komwe kuli mpando wa mano ndi makilomita 40, kabaza kupita ndi kubwera ndi ndalama yoti kholo limaganiza kawiri, ndiye mwana amabwera naye tsaya litatupa kale, ife a mano chomwe timachita ndi kungozula basi. Madokotala a mano anayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2019 ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaumoyo wa m'kamwa mu 2022, zonsezo ndi zabwino koma kuti dokotala adzakhale pa helefi senta yathu pano si lero. Ndiye tiyambe ndi zomwe aphunzitsi ndi amayi angakwanitse okha tsiku ndi tsiku, ife a mano tizingobwera pa zomwe zikufunika zida.

Tiyamba ndi sitandade 1 ndi 2 okha, ana 420 sukulu zonse ziwiri. Ndikudziwa ena mufuna sukulu yonse, ayi chonde, kolugeti wake sitingamukwanitse ndipo zinthu zoyamba ndi chiphokoso zimafera teremu yoyamba. Chifukwa chosankhira makalasi amenewa ndi choti mwana akafika zaka 6 amamera mano anayi akuluakulu otafunira kumapeto kwenikweni, amamera popanda lina kuguluka ndiye makolo ambiri amaganiza kuti ndi achibwana adzachoka, pomwe ndi okhalitsa moyo wonse. Pamwamba pake pali timing'alu momwe zakudya zimakanirira, ndipo ndi amene amayamba kubooka.

Kutsuka kuzichitika kamodzi patsiku akangomaliza kumwa phala, kalasi iliyonse m'magulu a ana 20, aphunzitsi mmodzi ndi mayi mmodzi wa madagulupu. Ayambe asamba m'manja pa mpondagiya. Kolugeti asafinyidwe kuchoka pa chubu kupita pa mswachi wa mwana aliyense, tingapatsirane matenda, mayi aja azidontheza timadontho ngati kanjere ka nsawawa pa mbale yoyera motalikirana, mwana azitapa kake ndi mswachi wake. Atsuke mphindi ziwiri, aphunzitsi mutha kupeka kanyimbo kotalika choncho. Akamaliza alavule koma ASACHUKUCHE ndi madzi. Apa ndi pomwe tidzakanganirane ndi ana komanso akuluakulu omwe, koma fuloraidi wa mu kolugeti wotsalira pa mano uja ndi amene amalimbitsa dzino, ukachukucha wamutaya. Zimatithandizanso kuti madzi ofunika ndi otsukira miswachi okha. Polavulira pakumbidwe kadzenje kuseri kwa kalasi, tsiku lililonse muzithirapo phulusa kapena dothi.

Pogula kolugeti onani pa chubu palembedwe kuchuluka kwa fuloraidi pakati pa 1000 ndi 1500 ppm, wopanda nambala imeneyi musiyeni ngakhale atchipe bwanji. Chubu cha magalamu 100 chimakwana ana pafupifupi 400 kutsukira kamodzi ngati sitikuwononga, ndiye tiwerengere machubu 70 pa teremu. Miswachi yofewa ya mutu waung'ono, umodzi pa mwana pa teremu, pachaka 1,260, tionjezerepo 100 ya otaya ndi olowa mochedwa.

Kusunga miswachi ndi komwe kumandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Isapite kunyumba, ikapita mawa lake akutsukira achimwene ake kapena yasanduka chotsukira nsapato. Kalipentala atikhomere matabwa oboola mabowo otalikirana kuti miswachi iziima mitu m'mwamba osakhudzana, iume ndi mphepo, osaiika mu jumbo kapena mu chitini chimodzi, thabwalo lizikhala mu ofesi ya ahedi pomwe mphemvu ndi makoswe safika. Ana a sitandade 1 ambiri sanayambe kuwerenga dzina lawo, ndiye pa mswachi ndi pa bowo tilembe nambala ndi kachizindikiro, uyu nsomba uyu nyenyezi. Mwana wa zilonda m'kamwa kapena yemwe akutuluka magazi kwambiri mu usinini mumulembe dzina mutiuze.

Tsopano kumata. Iyi ndi ntchito yathu ife awiri ochokera kuboma. Tigwiritsa ntchito simenti ya mano yotchedwa galasi ayonoma, yomwe bungwe la WHO linaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021 limodzi ndi kolugeti wa fuloraidi. Tasankha imeneyi chifukwa siifuna magetsi kapena makina oumitsira, ndipo malovu pang'ono siyiwaopa ngati zomatira za pulasitiki zija. Mwana amagona pa tebulo pafupi ndi windo, timatsuka dzino, kulitchinga ndi thonje, kupaka kamankhwala koyeretsa, kuika simenti ija n'kuikanikiza ndi chala chovala golovesi chopaka vaselini kuti ilowe m'timing'alu. Palibe jakisoni, palibe kuboola, palibe magazi. Akatero asadye kwa ola limodzi, ndiye tsiku limenelo phala amwe m'mawa tisanayambe. Simentiyi imatha kuperepeseka pakapita nthawi, n'chifukwa chake tidzabweranso pakatha miyezi 6 kudzaona ndi kumatanso pomwe yachoka.

Sikuti mwana aliyense amatidwa. Tiona m'kamwa osati kalasi, paja mu sitandade 1 muli wa zaka 6 dzino lisanatuluke bwino komanso wa zaka 10. Dzino lobooka kale kwambiri kapena lopweteka sitimata pamwamba, ameneyo timulembera kalata ya kuboma, ndipo ndapempha kuti kubomako Lachitatu m'mawa tiziyamba ndi ana a kalata zimenezi kuti asamakhale pa mzere tsiku lonse. Patsiku tikwanitsa ana 30 basi chifukwa zida zoyeretsedwa tili nazo maseti 30, madzulo tiziziphika mu poto wa puresha pa mbaula, makala ndi a komiti.

Tisanagwire mwana aliyense, makolo avomere. Mukukumbukira za anamapopa mu 2017, anthu obwera pa sukulu atavala magolovesi ndi chikwama cha zida atha kubalalitsa ana tsiku limodzi. Ndiye sabata yachiwiri ya Okutobala mafumu aitanitse msonkhano, ndidzabwera ndi zida zonse anthu azione ndi kuzigwira, ndidzamata dzino la mwana wa mmodzi wa aphunzitsi poyera ngati alola. Fomu ya chilolezo ndi ya Chichewa, osatha kulemba adinda chala, wokana asakakamizidwe ndipo mwana wake phala azilandira ngati kale. Pa msonkhano womwewo tidzanene zoti kunyumba azitsukanso usiku asanagone, ngakhale ndi mswachi wa mtengo, komanso za mafiriziti ndi masuwiti a pa geti, amayi ogulitsawo tiwaitane adzamve okha, tisawathamangitse poti ndi momwe akupezera ya sopo. Alangizi, mukaona ana ambiri a mano a mawanga ofiirira m'mudzi umodzi mundiuze, mwina mjigo wawo uli ndi fuloraidi wambiri ngati madera ena a ku Nathenje ndi Machinga, tidzapempha a zamadzi ayeze.

Kuphunzitsa aphunzitsi ndi amayi ndi sabata yachitatu ya Okutobala, tsiku limodzi, kulibe alawansi ndaneneratu, koma nkhomaliro ilipo. Kutsuka kuyamba Lolemba lotsatira, kuona m'kamwa ndi kumata mu Novembala mvula isanadule msewu wa kudambo. Aphunzitsi a SHN mukhale ndi kope lochongamo tsiku lililonse lomwe kalasi yatsuka ndi machubu otsala.

Katundu wa teremu yoyamba ndi yachiwiri walonjezedwa ndi mpingo wina kuno konkuno, yachitatu ilibe mwini. A komiti mubwere Lachisanu mutaganizirapo ngati ingalowe mu ndalama ya SIG kapena tikagogode kwa ma shopu a pa tredingi, ahedi mubweretse mayina a ana onse a makalasi awiriwa ndi zaka zawo.