Kalata yobweza malo pa maphunziro a kasamalidwe ka mtedza ku Mponela

Mkanda,
Mchinji.
27 Meyi 2025.

Okondedwa Mayi Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a ku ofesi. Kuno tadzuka bwino.

Monga ndinakuuzirani dzulo pa foni, sinditha kubwera ku maphunziro a kasamalidwe ka mtedza ndi kapewedwe ka chuku omwe mudzachititse ku Mponela kuyambira Lolemba pa 9 mpaka Lachisanu pa 13 Juni. Ndalemba kalatayi kuti mukhale ndi choika mu fayilo, chifukwa mawu a pa foni sangakuthandizeni akaunti akamafunsa. Pa 6 Meyi ndinavomera malowo ndi mtima wonse, inu n'kundilemba m'kaundula. Pepani kwambiri kuti ndikubweza mawu anga mutakonza kale zambiri.

Chifukwa chake ndi ichi. Ogula soya wa kopaletivi yathu amayenera kutumiza lole kumapeto a Juni. Lachisanu lapitali atiuza kuti loleyo ibwera Lachiwiri pa 10 Juni, ndipo kukweza kutha pa 12. Ndi matumba 600 a makilogalamu 50, matani 30 onse pamodzi, ochokera kwa mamembala 143. Thumba lililonse liyenera kukweranso pa sikelo wogula akuona, nambala yake n'kufananizidwa ndi ya m'buku lolandirira katundu, kenaka anthu awiri asayine. Malamulo athu amati osayinawo ndi wapampando ndi mlembi wa nyumba yosungiramo katundu, amene ndi ine. Wachiwiri wanga, yemwe akanagwira m'malo mwanga, ali chikuta ndipo sayamba ntchito mpaka Ogasiti. Komiti inakumana Loweruka, tinapempha ogulawo kuti asunthe ndi sabata imodzi, koma anati lole ina sipezeka mpaka Julayi. Alimi akudikira ndalama zawo, ndipo tikachedwa ambiri atulutsa matumba awo kukagulitsa kwa mavenda pa mtengo wotsika. Vuto silili kumbali yanu ayi. Masiku anu munatiuza nthawi ilipo.

Ndinaganizapo zobwera Lolemba lokha, kubwerera kuno usiku, n'kudzaonekeranso Lachisanu. Ndaona kuti si bwino. Malinga ndi ndondomeko imene munatumiza, Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku ogwira ndi manja: kuyeza chinyezi, kusankha mtedza pa lichero, kutenga sampulo m'matumba. Munthu wophonya masiku amenewo n'kudzalandira satifiketi akunamiza inu ndi alimi omwe amutuma. Komanso ulendo wochoka kuno kudzera pa Kamwendo, Lilongwe mpaka Mponela umadya pafupifupi tsiku lathunthu pa minibasi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndibwino mpandowo akhalepo munthu amene akhale masiku onse asanu.

Tsopano zofunika kukonza, kuti kusabwera kwanga kusakusiyireni chipwirikiti.

Ndalama ya thiransipoti, K48,000, inalowa pa Airtel Money yanga pa 20 Meyi. Sindinaikhudze. Ndibweza yonse, ndipo yodula potumiza ndilipira ndekha kuti kwa inu ifike yathunthu. Chonde ndiuzeni nambala kapena akaunti yoyenera. Sindinafune kungoibweza ku nambala imene inatumiza, poti nthawi zina imakhala ya munthu amene anangotumidwa, ndiye ndalama imafika koma m'mabuku dzina langa limakhalabe ndi ngongole. Sindiiperekanso mwachindunji kwa amene angalowe m'malo mwanga. Pa pepala lanu palembedwa kuti analandira ndine, choncho ibwerere kaye kwa inu, winayo mum'tumizire yake m'dzina lake. Mukandiyankha, nditumiza tsiku lomwelo n'kukutumizirani uthenga wotsimikiza womwe uli ndi nambala ya malipirowo.

Za malo ogona, munanena kuti a loji akufuna chiwerengero chomaliza pofika Lachisanu pa 30 Meyi. N'chifukwa chake sindinadikire kuti mwina zinthu zisintha. Chonde chotsani dzina langa pa chipinda, pa chakudya, pa pepala losayinira alawansi ndi pa mndandanda wa masatifiketi tsikulo lisanafike. Ngati a loji adula kale kenakake chifukwa cha ine, mundiuze kuchuluka kwake ndikakambe ndi komiti yathu.

Nkhani ya wolowa m'malo ili m'manja mwanu. Ndikudziwa kuti ofuna anali ambiri kuposa malo 30 amene alipo, ndipo ngati pali wina amene wakhala akudikira pa mndandanda wanu, ndi woyenera kuyamba iyeyo. Sitidandaula. Koma ngati mungakonde kuti malowo akhalebe a dera la Mkanda, komiti yasankha Mayi Chisale. Ndi mlimi wachitsanzo amene amayang'anira makalabu anayi, amalima mtedza wa CG7 pa maekala awiri ndi theka, amalemba ndi kuwerenga bwino Chichewa, ndipo Chingerezi amamva ngakhale kuti kuyankhula amachita manyazi. Chachikulu n'chakuti iwo ndi amene amaima pakhomo la nyumba yosungiramo katundu tsiku lolandira mtedza, kutsegula matumba ndi kubweza wosayenera. Kunena zoona maphunzirowa awagwirira ntchito tsiku ndi tsiku kuposa ine wa m'mabuku. Ndayankhula nawo, kunyumba kwawo agwirizana nazo, ndipo masiku onse asanu alibe chowatsekereza. Ndawauza momveka kuti asakonzeke ulendo mpaka inu mutavomera. Mukavomera, nditumiza dzina lawo lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika ndi nambala yawo ya foni. Chinthu chimodzi choti muone msanga: ine munandiika chipinda chimodzi ndi bambo wina wa ku Kasungu, ndiye pafunika kusintha kagonedwe.

Ntchito imene munatipatsa yokonzeratu ndaimaliza. Masampulo awiri a mtedza wosaswa, makilogalamu awiri iliyonse, ali m'mapepala a khaki, osati m'majumbo, monga munalangizira kuti asachite thukuta. Yoyamba yachokera kwa mlimi amene anaumitsa mtedza wake pa mulu wa Mandela koko, yachiwiri kwa amene anathothola msanga n'kuyanika pa dothi. Pa pepala lililonse ndalemba mtundu wa mbewu, tsiku lokumba ndi masiku amene unakhala ukuuma. Mayina a alimiwo sindinalembe, ndangoika nambala 1 ndi 2, kuopa kuti zotsatira zikaipa wina angachite manyazi pagulu. Mayi Chisale akabwera adzawanyamula. Ngati malo apita kwa wina, ndiwatumiza ku ofesi kwanu ku Lilongwe pofika pa 4 Juni kudzera mwa mlangizi wa dera lathu, amene wavomera kale.

Munandipatsanso mphindi 15 Lachitatu m'mawa kuti ndifotokoze mmene kopaletivi yathu imalandirira mtedza. Kuti nthawiyo isangokhala yopanda kanthu, ndalemba masamba awiri ndipo ndawaphatikiza ndi kalatayi. Muli ndondomeko yonse: kutsegula thumba lililonse m'malo mongobaya pamwamba, kuchotsa wonyala, wosweka, wofumbwa ndi wosintha mtundu, kusanjika matumba pa mitengo kuti asakhudze simenti, ndi kusiya mpata pakati pa matumba ndi khoma. Ndalembamonso pamene timalephera. Mungawerenge nokha, mungapatse wina wa m'gulu lachitatu momwe munandiika, kapena kungowasiya ngati ndondomeko yasintha.

Pempho langa ndi limeneli, ngati silikulemetsani. Pali mafunso atatu amene mamembala anandituma, ndipo ndingakondwe atafunsidwa m'kalasimo ngakhale ine kulibe.

Loyamba ndi la madzi. Alimi ambiri kuno amawaza madzi pa mtedza usiku kuti makoko afewe, kuswa ndi manja kusapweteke zala. Ena amateronso kuti thumba lilemere pa sikelo. Tonse tinamva kuti pamenepo ndi pomwe chuku chimayambira, chifukwa mtedza wouma kale umayamwanso chinyezi n'kutsekeredwa m'thumba usanaumenso. Koma kungouza mayi amene ali ndi ndowa makumi anayi zoti aswe kuti asiye kuwaza, osamupatsa njira ina, sikusintha kanthu. Makina oswera opukusa ndi manja tili nawo awiri, koma amaphwanya mtedza wambiri ngati sefa yake siyikugwirizana ndi kukula kwa njere, ndipo CG7 ndi Chalimbana sizifanana kukula. Tikufuna kudziwa kasinthidwe ka sefa ndi mpata wa makinawo.

Lachiwiri ndi la kuyeza chinyezi popanda kachipangizo. Pakhomo timadalira kugwedeza khoko kuti njere ilire ndi kuluma kuti timve ngati ikuthyoka. Mtedza woti wawazidwa dzulo n'kuyanikidwa maola awiri m'mawa umatipusitsa, kunja wouma m'kati muli chinyontho. Kodi pali njira ina yodalirika, nanga kachipangizo kotsika mtengo kamene kamayeza mtedza bwino, osati chimanga chokha, ndi kati?

Lachitatu ndi la matumba a PICS. Pa chimanga atithandiza kwambiri ku anankafumbwe. Pa mtedza anthu akutsutsana: ena akuti usungidwe ndi makoko, ena akuti woswa, ndipo ena akuopa kuti nsonga za makoko zingaboole mapulasitiki awiri a m'kati aja mpweya n'kumalowa. Yankho lanu tidzalitenga monga lilili kupita nalo ku makalabu.

Ngati malamulo a bungwe lanu amalola, ndingathokoze mutanditumizira timabuku ta maphunzirowa akatha. Ngati ndi a okhawo amene anakhala m'kalasi, ndimvetsa. Pa gulu la WhatsApp la ophunzira sindituluka ndekha mwakachetechete, kuopa kuti anzanga angaganize kuti pali mkangano. Mukandilola ndilembapo mawu awiri otsanzika, kenaka mundichotse nokha n'kuikapo wolowa m'malo.

Munatchulapo kuti mwina kudzakhala gulu lachiwiri mtedza usanadzalidwe. Likadzakhalapo, chonde mundiganizire, koma mundiike pambuyo pa amene sanapatsidwepo mwayi. Ulendo umenewo ndisanavomere ndidzayamba ndaonetsa masikuwo ku komiti ndi kupeza wosayina wachitatu wovomerezeka, zomwe taika kale pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu wa Julayi. Ndipo ngati mudzafune malo oti ophunzira adzaone ndi maso kalandiridwe ka mtedza, nyumba yathu yosungiramo katundu ndi yotsegula kwa inu. Mwezi wa Julayi timalandira Lachiwiri ndi Lachisanu, kuyambira 7 koloko m'mawa.

Ndidzakuimbirani Lachinayi pa 29 Meyi cha m'ma 10 koloko kuti ndimve za nambala yobwezera ndalama ndi zomwe mwaganiza pa za Mayi Chisale, tsiku la a loji lisanakwane.

Zikomo kwambiri chifukwa chondiganizira poyamba paja, ndipo pepaninso.

Ine wanu,

L. Banda
Mlembi wa nyumba yosungiramo katundu

Kope: Wapampando wa kopaletivi