Anthu amene ananyamula maliro a Livingstone: ndemanga ya buku la Petina Gappah

Amalume anga atamwalira kuno ku Harare, abale tinakhala usiku wonse pakhonde ku Mufakose tikukambirana ngati tiwaike konkuno kapena tiwanyamule kupita nawo kwawo ku Dedza. Ndalama zinali zochepa, ndipo msewu wa ku Nyamapanda, Tete mpaka ku malire a Malawi si waufupi ukakhala ndi bokosi kumbuyo. Ena ankati manda ndi manda basi, dothi ndi limodzi. Azakhali anakana kwamtuwagalu, amvekere munthu akagone pafupi ndi amayi ake. Mkangano umenewo unandibwerera m'mutu nditangoyamba kuwerenga Out of Darkness, Shining Light, buku la Petina Gappah lomwe linatuluka mu 2019, pakuti nkhani yake yonse yagona pa funso lomweli, kungoti mwini maliro ndi David Livingstone, ndipo onyamulawo analibe galimoto.

Amene simunawerenge musade nkhawa, sindiulula zochitika m'njira. Zimene ndinene pano ndi za m'mbiri zomwe zili m'mabuku a kusukulu, ndi zomwe mlembi mwini akuziika poyera m'masamba oyambirira.

Za m'mbirizo ndi izi. Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, akufunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Antchito ake anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi naliumitsa ndi mchere ndi dzuwa, nalikulunga m'nsalu ndi khungwa, kenaka analinyamula wapansi ulendo wa makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja ya mchere. Zinawatengera miyezi isanu ndi inayi. Mu April 1874 thupilo linaikidwa ku Westminster Abbey ku London. Ambirife tinaphunzira mayina awiri okha, Chuma ndi Susi, ngati kuti anthu awiri akanatha kusenza mtembo, katundu, mapepala ndi chakudya miyezi yonseyo. Bukuli likuti analipo 69, amuna, akazi ndi ana, ndipo likunena poyambirira pomwe kuti si onse amene anafika.

Mathero aulendo mukuwadziwa kale tsono. Chimene chimakugwira n'kukulepheretsa kugona n'chakuti ndani adzafike, adzafika ali munthu wotani, ndipo n'chiyani chinawachititsa kuvomera mtolo woterewu pamene akanatha kungokumba manda n'kubalalika. Mayankho ake ndawasiya m'bukumo.

Ofotokoza nkhani ndi awiri, ndipo onse anali anthu enieni a pa ulendowo. Woyamba ndi Halima, mayi wophika, amene m'bukuli anabadwira mu ukapolo ku Zanzibar. Halima ndi wapakamwa. Amalankhula ngati amayi aja a kumaliro amene amasonkhezera moto wa nsima uku akudziwa za aliyense, wagona kuti, wakwiyira yani, ali ndi ngongole kwa ndani. Livingstone amamutchula kuti Bwana Daudi, amadziwa zimene m'mimba mwake mumalola ndi zimene mumakana, ndipo sizimamulowa m'mutu kuti mwamuna wamkulu angasiye ana ake kutali n'kumayendayenda kufunafuna poyambira madzi. Ndinawerenga gawo lake m'kombi kuchokera ku Mufakose kupita m'tauni, ndipo ndinaseka mokweza mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anasuzumira kuti aone. Koma kuseka kwa Halima kuli ndi chilonda pansi pake. Ndi mkazi amene wagulidwapo ndi kuperekedwa, ndipo ufulu kwa iye ndi chinthu chogwirika ndi manja, khomo lakelake lotseka yekha. Pamenepa Gappah wandikhudza kwambiri, chifukwa sanamusandutse womvetsa chisoni, wamusiya ali ndi lilime lake ndi nzeru zake.

Wachiwiri ndi Jacob Wainwright, Myao amene anagwidwa ukapolo ali mwana, napulumutsidwa, nakaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Nasik ku India. Ndi iyeyu amene anazokota mawu pa mtengo uja wa kwa Chitambo, ndipo ndi iye anaperekeza thupi mpaka ku London. Gawo lake lalembedwa ngati buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, m'Chingerezi cha m'Baibulo lakale, motsanzira buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu. Jacob akulakalaka kudzozedwa ubusa, akudziona ngati nyali pakati pa anzake, ndipo amawaweruza mosanyengerera.

Ndinene zoona, nditachoka kwa Halima n'kulowa kwa Jacob ndinamva ngati ndachoka pa bwalo la nthano n'kukakhala pa benchi louma kumvera ulaliki wautali. Gawo lake ndi lalikulu ndithu, ndipo pali masamba amene ulendo umayenda pang'onopang'ono kwambiri. Ndinalisiya bukuli masiku anayi. Koma nditabwerera ndinazindikira chimene mlembi akuchita. Jacob amalemba zonse zimene waona mokhulupirika, koma samvetsa zonse zimene akulemba, ndiye iwe wowerenga umayamba kuona zimene iye sakuona, mtima n'kumagunda pomufunira kuti atsegule maso. Ndinakulira mu mpingo wa CCAP, ndipo Jacob ndikumudziwa. Ndi mnyamata uja wa changu pa Mawu, woona mtima, amene sukulu inamupatsa chilankhulo chatsopano n'kumuchititsa manyazi ndi cha amayi ake. Sindinathe kumuda. Amene mufike pamene gawo lake likulemera, pirirani, muli chifukwa chake.

Chimene chinandichititsa kuti ndilembe ndemangayi m'Chichewa, osangouza anzanga pakamwa, ndi momwe bukuli likumuonera Livingstone. Kwathu ku Malawi dzina lake n'lolemekezeka. Anafika ku nyanja yathu mu 1859, mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 pomukumbukira, ndipo mzinda wa Blantyre unatenga dzina la kwawo kumene anabadwira ku Scotland. Ngakhale dzina lija amatitchula nalo kuno lakuti Mabhurandaya, lomwe ambirife linkatiwawa tili ana kusukulu, likuchokera ku Blantyre komweko. Ndiye ndinatsegula bukuli ndili ndi mantha kuti mwina lingomunyoza. Silinatero, komanso silinamupembedze. Mitu yake ina imayamba ndi timawu totengedwa m'zolemba zakale za apaulendo, monga za Livingstone mwini ndi za Henry Morton Stanley, kenaka amene analembedwawo amalankhula okha. Munthu amene akutuluka ndi nkhalamba yodwala, yamakani, yodana ndi malonda a akapolo koma yodalira thandizo la ena mwa ogulitsa akapolowo kuti ulendo upitirire. Bukuli likufunsanso poyera kuti mapu ndi mapepala amene anthuwa anawasenza mosamala chotero anadzatsegulira njira ndani. Kwa mdzukulu wa matchona amene anabwera ku Halale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, funso limeneli silili kutali. Agogo anga anali khukhi zaka zambiri, ndipo dzina lawo silinalembedwe paliponse kupatula pa chitupa. Powerenga za Halima ndinkaganiza kuti iwonso akanati afotokoze za mabwana awo, bwenzi ili nkhani yotani.

Muli mkazi wina m'gululi dzina lake Misozi. Kungoona dzina lakwathu pakati pa mayina a Chiswahili ndi Chiarabu kunandisangalatsa ngati ndakumana ndi mbale pa Mbare Musika.

Zovuta zilipo. Anthu ndi ambiri ndipo m'masamba oyambirira mayina amasokoneza, moti ine ndinkawalemba kuseri kwa envulopu. Mawu a Chiswahili ndi ochuluka, ngakhale ife olankhula Chichewa timawatola msanga kuposa ena. Komanso ndikanakonda Halima akanapatsidwa malo okulirapo, chifukwa akakhala chete bukuli limazizira pang'ono.

Tsono ndi la yani? Amene mumakonda nkhani za mbiri yakale koma mwatopa kuimva kuchokera mbali imodzi, ili ndi lanu. Amayi a chigwirizano ndi akulu a mpingo amene saopa kukambirana za mishoni, zabwino zake ndi zolakwa zake, adzapezamo zokambirana za milungu ingapo, ndipo ndikanakonda magulu a maliro a kwathu kuno akanaliwerenga pamodzi, pakuti za kusonkha, kukangana ndi kunyamula mtembo kupita nawo kwawo palibe amene angawaphunzitse. Achinyamata a fomu 5 ndi 6 amene akuphunzira mbiri kapena zolembalemba adzapindula, makamaka poona momwe anthu awiri angafotokozere ulendo umodzi mosiyana. Amene munawerenga The Book of Memory, buku la mlembi yemweyu lomwe mbali ina likuchitikira ku Mufakose kwathu kuno, dziwani kuti ili ndi losiyana, mulibe Harare, ndipo limafuna kudekha kokulirapo.

Amene mumafuna nkhani yothamanga yoti muimalize Loweruka limodzi, mwina mudzatopa pakati. Ana a pulayimale ayi, chifukwa muli kukwapulidwa, imfa, nkhanza za ukapolo ndi nkhani za akuluakulu, komanso kakonzedwe ka mtembo kafotokozedwa mosabisa. Amene mwangotaya wokondedwa posachedwa, lisungeni kaye. Ine ndinaliwerenga patapita zaka zitatu chiikireni amalume, ndipo panali tsamba lina limene ndinatseka n'kutuluka panja.

Bukuli lili m'Chingerezi, masamba ake ndi pafupifupi 300. Chingerezi cha Halima n'chosavuta, cha Jacob chimafuna munthu wozolowera Baibulo lakale. Azakhali aja sawerenga Chingerezi, ndiye ndakhala ndikuwamasulira gawo la Halima madzulo tikatha kudya. Tafika pamene gulu likukangana zoti achite ndi thupi, ndipo iwo aima kale mbali ya onyamula.