Zidziwitso za pa bolodi la shedi, sabata ya 12 Meyi 2025

Bambo Kapitawo,

Mauthenga asanu ndi limodzi amene munanditumizira pa WhatsApp Loweruka ndi dzulo ndawakonza monga munandiuzira. Asanu ndawalemba kuti apite pa bolodi, limodzi ndaliimitsa kaye mpaka tikambirane. Pamwamba pa chidziwitso chilichonse ndaika mawu anu momwe munalembera, kuti muone ngati sindinapotoze mfundo. Pafoni anyamata amakudziwani, amamva ngakhale kuseka kwanu m'mawuwo. Bolodi lija lili pakhomo, pomwe amayi osankha soya amakhala akamadya nkhomaliro, ena a iwo a msinkhu wa mayi anu, ndipo madalaivala ndi alimi obwera kudzagulitsa amawerenganso podikira sikelo.

Uthenga woyamba munalemba kuti: "Magaye kuyambira mkuja 7 koloko aliyense akhale ali pageti. Za ma 7:40 zija zithe. Ena mumafika ngati mukubwera ku chinkhoswe kkkk. Malole akumatidikira panja ife kulibe, manyazi bwanji."

CHIDZIWITSO: NTHAWI YOYAMBIRA NTCHITO

Kwa onse ogwira ntchito m'shedi,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira Lachiwiri pa 13 Meyi 2025, ntchito iziyamba 7 koloko m'mawa ndipo tiziweruka 4 koloko madzulo. Nthawi ya nkhomaliro sinasinthe, ikhalabe kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko masana. Loweruka tiziweruka 12 koloko masana.

Nyengo yogula soya yafika pachimake, ndipo malole ambiri ochokera ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa akumafika kuno ku Kanengo mbandakucha. Tikupempha aliyense kuti azikhala atasayina m'kaundula wa pageti 7 koloko isanakwane, kuti alendo athu asamadikire nthawi yaitali. Amene ali ndi vuto la mayendedwe kapena zina zapakhomo, chonde aonane ndi a Kapitawo nthawi ikadalipo.

Zikomo chifukwa cha kumvetsa kwanu.
Kapitawo wa Shedi

"Mkuja" ndasintha n'kuika tsiku ndi deti, chifukwa pepala likakhala pa bolodi sabata yathunthu, mkuja wake sadziwikanso. Za chinkhoswe zandiseketsa koma ndazisiya. Nthawi yowerukira simunaitchule, ndaiwonjezera monga tinagwirizana pafoni, poopa kuti anthu angaganize kuti tawaonjezera theka la ola laulere.

Wachiwiri: "Lachitatu ndi holide ya Kamuzu inde koma katundu wachuluka. Ofuna dola abwere. Ndi dabulo."

CHIDZIWITSO: NTCHITO PA TSIKU LA TCHUTHI

Lachitatu pa 14 Meyi 2025 ndi tsiku lokumbukira Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo ndi tchuthi m'dziko muno. Koma chifukwa cha kuchuluka kwa katundu, shedi idzatsegulidwa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Kubwera pa tsikuli sikokakamiza. Amene angakonde kudzagwira ntchito alembetse dzina kwa kalaliki pofika 12 koloko masana Lachiwiri pa 13 Meyi. Ola lililonse logwiridwa pa tsikuli lidzalipidwa kawiri malipiro a ola la masiku onse, monga lamulo la zantchito la chaka cha 2000 likunenera. Ndalamazi zidzatuluka pamodzi ndi malipiro a mwezi uno.

Kapitawo wa Shedi

Apa "ofuna dola" yokha ndiye yandivuta. Pa bolodi ikanamveka ngati wobwera ndi wadyera, wotsala kunyumba ndi wolemera.

Wachitatu: "Uja anagona pa sitaki dzana ndinamuona, akudzidziwa. Thumba la 50 likakugwera usadzalire. Masiki tinakupatsani kuti muzivala osati kusunga m'thumba ngati ndalama. Masilipasi mushedi ayi, si kubafa kuno."

CHIDZIWITSO: KUDZITETEZA PA NTCHITO

Kwa onse ogwira ntchito m'shedi,

Moyo wa aliyense wa inu ndi wofunika kwa ife ndi kwa mabanja anu. Pa chifukwa ichi tikukumbutsana izi:

Sikololedwa kukhala, kugona kapena kudyera pamwamba kapena m'munsi mwa sitaki ya matumba. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50, ndipo sitaki ikagumuka munthu sapeza mpata wothawa. Malo opumulirako ndi pakhonde la kumbuyo.

Masiki azivalidwa nthawi zonse popeta, posankha, posoka matumba ndi posesa. Fumbi la soya limalowa m'chifuwa pang'onopang'ono, munthu osazindikira. Amene masiki yake yatha kapena yang'ambika akatenge ina kusitolo ya zipangizo, salipira kanthu.

Aliyense wolowa m'shedi avale nsapato zotseka kapena majombo amene analandira. Masilipasi azisiyidwa kunja.

Wina akavulala, ngakhale pang'ono, auze a Kapitawo tsiku lomwelo kuti zilembedwe m'buku la ngozi ndipo alandire thandizo.

Tikuthokoza onse amene mwakhala mukutsatira malangizowa.
Kapitawo wa Shedi

Bambo, "uja" wanuyo shedi yonse ikumudziwa, ngakhale amayi ogulitsa mandasi pageti. Ndikanasiya chiganizo chimenecho, anthu akanawerenga za mnyamatayo, za sitaki osazionanso. Iyeyo mumuitanire pambali. Ndinamva kuti usiku umenewo anachezera kuchipatala ndi mwana, ndiye mwina muyambe mwamufunsa za mwanayo. Ndaikamonso komwe munthu angapumulire ndi komwe angatenge masiki ina, chifukwa kuletsa kokha kopanda kuloza njira anthu amangokuyang'ana n'kudutsa. Komatu majombo a amayi asanu amene analowa ntchito mu Epulo sanafikebe. Chidziwitsochi chikakwera iwo akadali ndi masilipasi, chitichititsa manyazi ndife.

Wachinayi: "Aliyense abweretse nambala yake yeniyeni, osati ya mlamu wake. Mwezi watha tinavutika."

CHIDZIWITSO: MANAMBALA OLANDIRIRA MALIPIRO

Onse amene amalandira malipiro kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akupemphedwa kudzatsimikiza manambala awo kwa kalaliki pofika Lachisanu pa 16 Meyi 2025. Nambala ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndipo chonde bwerani ndi chiphasocho. Amene alibe nambala yakeyake asade nkhawa, adzaonane ndi kalaliki kuti tipeze njira ina yolandirira.

Kapitawo wa Shedi

Wachisanu ndi umene ndauimitsa. Munalemba kuti: "Wochedwa kuyambira pano ndizimudula 1 sauzande pa tsiku, wojomba 5 sauzande. Ndatopa nazo."

Mundikhululukire, uwu sindinaulembe. Ndinayesa kawiri, koma ngakhale ndiuveke jekete bwanji, ukutulukabe chindapusa. Lamulo la zantchito lomwe lija silimalola wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Limalola kusamulipira nthawi imene sanagwire ntchito popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka, komanso kumuchenjeza mwa kalata. Pafoni anyamata akanadziwa kuti mwalemba mutakwiya ndi lole ija inabwerera yosatsitsa. Pa bolodi, ndi siginecha yanu pansi, likhala pepala loti munthu angathe kulijambula n'kupita nalo ku ofesi ya zantchito. Ngati mukufunabe chenjezo, ndingaonjezere ndime iyi pa chidziwitso choyamba, a kuofesi yaikulu akavomereza:

"Amene adzachedwe kapena kujomba popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka sadzalipidwa nthawi imene sanagwire ntchito, ndipo zikapitirira adzalandira kalata yochenjeza. Amene wadwala atumize uthenga m'mawa womwewo, ndipo pobwerera adzaonetse umboni wa kuchipatala."

Womaliza munatumiza dzulo usiku: "Akuluakulu zavuta, mayi ake a mlonda wathu wausiku atisiya. Maliro Lachinayi ku Namitete. Tisonkhe ka 2 sauzande aliyense, osabisala. Pikapu ipita ndi anthu 8."

UTHENGA WA ZOVUTA

Kwa onse ogwira ntchito m'shedi,

Ndi chisoni chachikulu tikukudziwitsani kuti mayi a mnzathu, mlonda wathu wa usiku, atisiya Lamulungu pa 11 Meyi 2025. Mwambo woika m'manda udzachitika Lachinayi pa 15 Meyi kumudzi kwawo ku Namitete.

Monga mwa chikhalidwe chathu pano, tikusonkha chipepeso choti tikapereke kwa anamfedwa. Ganizo ndi loti aliyense apereke K2,000, koma amene sangakwanitse apereke zomwe angathe, ndipo zidzalandiridwa ndi manja awiri. Kalaliki azilandira chipepesochi mpaka 4 koloko madzulo Lachitatu pa 14 Meyi. Amene sadzabwera pa tsiku la tchuthi angathe kupereka Lachiwiri.

Galimoto ya kampani idzanyamuka pageti 7 koloko m'mawa Lachinayi ndi anthu asanu ndi atatu otiimira tonse. Gulu la amayi osankha, la onyamula matumba, la pasikelo ndi la alonda, lililonse lisankhe anthu awiri ndi kupereka mayina kwa a Kapitawo.

Tiwakumbukire mnzathuyu ndi banja lonse m'mapemphero. Mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.
Kapitawo wa Shedi

Uwu ndautengera nthawi kuposa ena onse, chifukwa mwini wake adzauwerenga akabwerako, ndipo mwina adzaumatula n'kukasunga. "Osabisala" ndachotsa, ndi "ka" uja wa pa 2 sauzande. Kwa inu ndi ine ndi kandalama, koma pakati pa mwezi ngati pano ena K2,000 ndi ya ndiwo za ana. Mndandanda wa opereka ndisunga m'buku langa, sindiupachika. Kagawidwe ka malo asanu ndi atatu m'pikapu ndi ganizo langa, poti pa maliro a chaka chatha anakwera anyamata okhaokha, amayi n'kutsala akudandaula, chonsecho ndi iwo amakathandiza kumaphikiro. Mukaona kuti sizili bwino musinthe.

Ndasindikiza mapepala awiriawiri, ali patebulo panu pansi pa sitampa. Mukasayina isanakwane 10 koloko ndikapachika anthu asanatuluke kukadya. Wa zovutawu ndikufuna ukhale pamwamba pawokha, osati pafupi ndi wa masilipasi. Ndipemphenso kuti m'mawa wa mawa muwerenge onse mokweza pageti, poti amayi atatu kapena anayi sawerenga, ndipo sangafunse.

Ine wanu,
Kalaliki wa Shedi
Lolemba, 12 Meyi 2025