Ntchito yakunyumba yachinayi: kumasulira chikalata cha kuchipatala

Kalasi ya omasulira odzipereka, Loweruka masana, Turffontein, Johannesburg

Ndime imene tinapatsidwa

"TB can be cured. Take your tablets every day for six months, even when you feel better. If you stop early, the illness may come back and be harder to treat. Your urine may turn orange. This is normal. If you plan to travel home, tell the nurse first. Bring everyone in your household for testing. Treatment is free."

Mmene ndamasulira

Chifuwa chachikulu chimachizika. Muzimwa mankhwala anu tsiku ndi tsiku, osadumphitsa, mpaka miyezi 6 ikwane, ngakhale mutayamba kupezako bwino. Mukasiyira panjira, matendawa atha kuyambiranso, ndipo ulendo umenewo atha kuvuta kuchiza. Mkodzo wanu utha kusintha mtundu n'kukhala wofiirira. Musachite mantha, ndi mmene mankhwalawa amachitira. Ngati mukukonza ulendo wakumudzi, yambani mwawauza anesi musananyamuke. Bwerani ndi onse amene mumagona nawo nyumba imodzi kuti adzapimidwe ngati nawonso ali ndi matendawa. Simulipira kalikonse.

Zifukwa zimene ndasankhira mawu

Aphunzitsi, munatiuza kuti tisanalembe liwu ndi limodzi lomwe tiyambe tadzifunsa kuti akawerenge ndani. Ine ndinali ndi munthu mmodzi m'maganizo: bambo wakwathu wogwira ntchito ya m'munda ku Sandton, amene sukulu anasiyira sitandade 5, wakhala pa benchi ya kuchipatala kuyambira mbandakucha, ndipo zimene anesi anamuuza m'Chizulu wamvapo theka lokha. Pepalali akaliwerengera mu takisi pobwerera. Munthu wotere sangamulembere kuti "imwa" ngati mwana, n'chifukwa chake ponseponse ndagwiritsa ntchito "inu". Chingerezi chili ndi "you" mmodzi wa mfumu ndi mwana yemwe, choncho ulemuwo ndachita kuuikamo ndekha.

Dzina la matenda silinandivute kwenikweni. Ambiri kuno amangotchula zilembo ziwiri za Chingerezi zija, koma "chifuwa chachikulu" ndi dzina limene aliyense analimvapo pa wailesi ndi kusikelo kumudzi. "Chifuwa" chokha sichikwanira, chifukwa chimenecho ndi cha nyengo yozizira chimene timathana nacho ndi mandimu. Agogo anga aamuna, amene anagwirapo ntchito m'migodi ya kuno nthawi ya Wenela, ankangoti "chifuwa cha ku Joni". Ndinalikumbuka dzinalo, koma si la pachikalata.

"Take" ndi msampha. Ndikanalemba "tengani mankhwala", munthu akanamva kuti azipita kukatenga pawindo la kuchipatala tsiku lililonse. Ife mankhwala timamwa, ngakhale akhale mapiritsi ouma gwa. Ndipo sindinalembe "imwani" koma "muzimwa", chifukwa kachidutswa ka "zi" kamanyamula chizolowezi: lero, mawa, mkuja, osaleka. "Osadumphitsa" mulibe m'Chingerezimo, ndawonjezera dala. "Tsiku ndi tsiku" timanena ngakhale za munthu wobwera kanayi pa sabata, pamene pano akutanthauza tsiku lililonse ndithu. Mawu oti "mapiritsi" ndawasiya chifukwa "mankhwala" akukwanira, ndipo ndi amene wodwala amanena yekha.

Pa nambala ndinayamba ndalemba "miyezi isanu ndi umodzi". Nditamuwerengera mnzanga wina wogona naye nyumba imodzi, ndinamufunsa kuti ndi miyezi ingati, iye n'kuyankha msangamsanga kuti isanu. Khutu linagwira liwu loyamba, lachiwirilo linapita ndi mphepo. Pakamwa tonse timati "sikisi", ndiye ndalemba 6. Ndasinthanso "kwa miyezi" kukhala "mpaka miyezi 6 ikwane", kuti munthu aone kuti pali mzere wofunika kufikapo. Mankhwala a chifuwa chachikulu amakhala a mitundu inayi miyezi iwiri yoyamba, kenako mitundu iwiri miyezi inayi yotsalayo, ndipo nthawi yotsalayo ndi imene munthu amaona ngati akumwa pachabe.

Apa ndiye pafika mawu amene ndakhala nawo usiku wonse wa Lachinayi: "feel better". M'kope langa loyamba ndinalemba "ngakhale mutachira". Zinkamveka bwino pakamwa, koma ndinali nditalemba bodza, ndipo bodza lake loti lingaphe munthu. Wochira amamweranji mankhwala? Chiganizo choyamba chanena kale za kuchizika, ndipo ndime yonseyi yaima pa kusiyana kwa zinthu ziwirizi: kupezako bwino kumabwera pakangotha masabata ochepa, thukuta la usiku likaleka, nsima n'kuyamba kukoma, pamene kuchira kumadikira mwezi wachisanu ndi chimodzi ndi mawu a achipatala. "Kumva bwino" ndinakukana chifukwa ndi Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa, ndipo wina angaganize za makutu. "Kupeza bwino" kuli pafupi, koma nthawi zina kumatanthauza kuchira kumene, kapena kukhala ndi ndalama. Kachidutswa ka "ko" ndi kamene kandipulumutsa. Mukazonda wodwala n'kumva kuti "ndikupezako bwino", mumadziwa kuti phala lija muzibweretsabe.

Ndalimbikira pamenepa chifukwa cha msuweni wanga. Anayamba mankhwala kuno mu Seputembala, pofika Disembala anali atanenepa, masaya atabwerera, ndipo tinamuperekeza ku Park Station kukakwera basi yakumudzi ali ndi matumba akuluakulu awiri ndi wailesi yatsopano pa phewa. Anatiuza yekha kuti wachira. Mapiritsi otsala anawasiya pawindo, kuseri kwa katani, ndipo ndine amene ndinawapeza ndikusesa. Anabweranso mu Febuluwale akutsokomola mogwira khoma. Ali moyo, tithokoze Mulungu, koma ulendo wachiwiriwo unali wautali ndi wowawa kuposa woyamba, ndipo ntchito inamuthera.

"Stop early" ndamasulira kuti "kusiyira panjira". "Kusiya msanga" sikulakwika, koma kulibe ululu. Kusiyira panjira timanena za sukulu, za nyumba yofika pa windo n'kumera udzu, ndipo aliyense amadziwa kuti n'kutaya zonse zimene unayamba. Ndasunga "atha" kawiri konse chifukwa Chingerezicho chikuti "may", sichikulumbira.

Chiganizo cha mkodzo chili ndi mavuto atatu. Loyamba ndi ulemu: pagulu timati "kutaya madzi", koma pa pepala la kuchipatala "madzi anu" angasokoneze, ndiye ndatchula chinthucho ndi dzina lake monga amachitira anesi kwathu. Lachiwiri ndi mtundu. "Orange" ndinafuna kunena kuti "ngati lalanje", kenako ndinakumbuka kuti malalanje ambiri a pamsika wakwathu amapsa khungu likadali lobiriwira. Achinyamata amati "olenji", koma bambo wa pa benchi uja sindikumudalira nalo liwu limeneli. "Wofiira" ndiye woopsa: ine ndine wa kunyanja, ku Mangochi, ndipo kwathu mkodzo wofiira ndi likodzo, ndi magazi. Ndatsalira pa "wofiirira", ngakhale sakufika ndendende pa mtundu umene rifampisini, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amabweretsa. Ndinayesa kuwonjezera kuti "si magazi", koma ndinafufuta. Munthu atha kukhala ndi likodzo lenileni pamwamba pa chifuwacho, ndipo si ine womasulira woti ndimuuze kuti zimene akuona si magazi. Lachitatu ndi "normal", liwu limene Chichewa chilibe mnzake wolunjika. "Zabwinobwino" zikumveka ngati tikuyamikira mkodzowo. Ndinadzifunsa kuti mayi wachifundo wa kuchipatala akananena chiyani atagwira dzanja la wodwala, ndipo yankho linali "musachite mantha, ndi mmene mankhwalawa amachitira". Ndi mawu ambiri kuposa atatu a Chingereziwo, koma ntchito yake ndi imodzimodzi.

"Home" kwa munthu wa ku Joni ili pawiri. Pali chipinda cha lendi chimene timabwererako madzulo, kumeneko ndi "kunyumba". Ndiye pali kumene basi imatifikitsa titadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, masiku awiri tili pampando. Popeza ndimeyi ikunena za ulendo, ndi kwachiwiriko. "Kwanu" ndinakuopa chifukwa kuno liwu limeneli tinalimva kokwanira m'kamwa mwa anthu otithamangitsa. "Kumudzi" ndi mmene timanenera tokha, ngakhale wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene alibe munda. Mzambiya wa ku Chipata kapena mnzathu wa ku Tete akawerenga, nayenso adzipezamo, chimene sichikanatheka ndikanalemba "ku Malawi". Ndawonjezera "musananyamuke" kuti "first" amveke nthawi yake, pakuti kalata yosamutsira wodwala ndi mankhwala a panjira zimafunika kukonzedwa munthu asanakwere basi.

"Namwino" ndi liwu labwino la m'mabuku. Kuno anthu amati "sista", kutengera eni dziko. Ndasankha "anesi", la pakati, ndipo "a" waulemu alimo kale.

"Bring" sindinati "bweretsani", pakuti timabweretsa katundu, anthu timabwera nawo. Koma "household" ndi amene anandigwira mwendo. Dikishonale ikanandipatsa "banja", ndipo bambo uja akanapinda pepalalo n'kunena kuti banja lake lili ku Ntcheu, za iye zatha. Chonsecho m'nyumba imene ndimakhala ine tilimo amuna asanu a maboma atatu, mabedi olekanitsidwa ndi makatani, ndipo mu Juni mawindo amakhala otseka usiku wonse chifukwa cha chisanu. Palibe wachibale ndi mnzake, koma mpweya ndi umodzi, ndipo matendawa amayenda mu mpweya. Ndiye ndalemba "amene mumagona nawo nyumba imodzi". "Mumagona nawo" payekha akananena zina, choncho "nyumba imodzi" asachotsedwe ngakhale malo atachepa pa pepala.

"Adzayezedwe" ndinamusiya chifukwa masiku ano munthu akamva kuyezetsa amaganiza za magazi ndi kachilombo ka Edzi, ndipo anzake a m'nyumba angakane kubwera. "Kupimidwa" n'kwakale pang'ono koma sikuopseza, ndipo ndatchula chimene akupima.

Chomaliza, "free". "Ufulu" sukukhudzana nazo. "Chithandizochi ndi chaulere" ndi Chichewa cholondola, ndipo ndi mmene anzanga ambiri m'kalasi alembera, ndikukhulupirira. Ine ndasankha "simulipira kalikonse" chifukwa likuyankha funso limene munthu ali nalo m'mutu akamagwira m'thumba pakhomo pa chipatala.

Pali pamodzi pamene ndikupempha maganizo anu, aphunzitsi. Amayi ena a kutchalitchi nditawawerengera chiganizo choyamba anati "chimachizika" n'chozizira, iwo akadakonda "munthu amachira", chifukwa mawuwo akuika munthu patsogolo osati matenda. Ndasunga langa poti ndilo likutsata Chingerezicho, koma mawu awowo ndawalemba ndi pensulo m'mbali mwa kope, ndipo ndikufuna tidzawerenge onse awiri mokweza Loweruka likubwerali.