Mafuta a m'zakudya, mahomoni, ndi mlingo woyenera kwa osewera mpira

Kwa osewera onse a matimu athu awiri, ya mpira wamanja ndi ya mpira wamiyendo, pamene tikuyamba zokonzekera za chaka chino.

Aphunzitsi anu andidziwitsa kuti ena mwa inu mwasiya kudya mtedza, mapeyala ndi ndiwo zotendera, ndipo ena mukupempha kunyumba kuti ndiwo zanu ziziphikidwa popanda ngakhale dontho la mafuta, pokhulupirira kuti potero thupi lipepuka ndipo liwiro lichuluka. Maganizo amenewa ndi omveka, koma ndi olakwika, ndipo kwa munthu amene amathamanga masiku asanu pa sabata akhoza kuwononga zambiri kuposa zimene akufuna kukonza. Mafuta ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa m'dziko muno, ndipo sanaikidwe pamndandandawo mwangozi.

Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu zokwana makalori 9, pamene galamu imodzi ya zakudya zokhutitsa kapena zomanga thupi imapereka makalori 4 okha. Kwa munthu wongokhala, kuchuluka kwa mphamvu kumeneku ndi chifukwa chosamalira. Kwa wosewera amene mimba yake imadzaza ndi nsima asanapeze mphamvu zokwanira tsikulo, ndi mwayi, chifukwa supuni ziwiri za nsinjiro zimawonjezera mphamvu popanda kutupitsa mimba. Kupatula apo, khungu la selo iliyonse m'thupi limapangidwa ndi mafuta, ndipo mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'magazi ngati m'chakudya mulibe mafuta. Choncho mbale ya chisoso kapena nkhwani yongowiritsa ndi mchere imapindulitsa pang'ono poyerekeza ndi mbale yomweyo itatenderedwa. Tisaiwalenso kuti mafuta ophikira ogulitsidwa movomerezeka m'Malawi amawonjezeredwa vitamini A, kotero wowataya amataya ndi vitaminiyo.

Mafuta onse sali ofanana, ndipo njira yapafupi yowasiyanitsira ndi kuwaona akazizira. Amene amagwirana n'kuyera, monga a nyama yonona ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhumba, komanso batala, ali ndi gawo lalikulu la mafuta olimba, ndipo akachuluka amakweza kolesitero, chinthu chonga mafuta chimene chimayenda m'magazi, makamaka wa mtundu umene umatseka mitsempha ya mtima. Mafuta a kanjedza ndi a kokonati, ngakhale amachokera ku mitengo, nawonso ali ndi mafuta olimba ochuluka. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti mafuta olimba asapitirire magawo 10 pa 100 aliwonse a mphamvu zimene munthu amadya patsiku. Amene amakhalabe amadzimadzi, monga a mtedza, soya, mpendadzuwa, chitowe, nthanga za maungu, mapeyala ndi nsomba, ndiwo ofunika kuti azikhala ambiri m'mbale zanu. Palinso mtundu wachitatu, mafuta a tiransi, amene amapangika m'mafakitale pamene mafuta amadzimadzi akuumitsidwa, ndipo amapezeka m'majarini ena olimba ndi m'mabisiketi ena. Awa thupi silikuwafuna n'komwe, ndipo bungwe lomwelo limati asafike ngakhale gawo 1 pa 100.

Pakati pa mafuta amadzimadziwo pali awiri amene thupi silingathe kudzipangira, otchedwa omega-6 ndi omega-3. Kufunika kwa mafuta otere kunadziwika mu 1929, pamene George ndi Mildred Burr ku America anaona kuti makoswe odyetsedwa chakudya chopanda mafuta konse ankasiya kukula ndipo khungu lawo linkasanduka lamamba. Omega-6 sativuta, popeza ndi wochuluka mu mtedza ndi m'mafuta a mpendadzuwa. Omega-3 ndiye amasowa m'mbale zambiri. Amapezeka pang'ono mu soya, koma amene thupi limagwiritsa ntchito mosavuta ndi wa m'nsomba, ndipo usipa, umene timadya wonse ndi mutu womwe, ndi gwero lotsika mtengo loti tisalinyoze. Kuchokera ku mafuta awiriwa thupi limapanga timichere timene timalamulira kutupa kwa malo ovulala ndi kuundana kwa magazi.

Tsopano ku nkhani ya mahomoni, imene imanenedwa molakwika kawirikawiri m'malo onyamulira zitsulo. Mahomoni ndi mauthenga amene tiziwalo tina timatulutsa m'magazi kuti tilamulire ziwalo zina. Gulu limodzi la mahomoniwa limapangidwa kuchokera ku kolesitero: tesitositeroni, amene amathandiza kumanga minofu, esitirojeni ndi pulojesiteroni, amene amayendetsa msambo, ndipo esitirojeniyo amatetezanso mafupa, kotisolo, amene amathandiza thupi kupirira ntchito yolemetsa, ndi alidositeroni, amene amasunga mchere ndi madzi m'thupi. Ngakhale vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa, amachokera ku chinthu cha m'banja lomweli la kolesitero. Ena akamva izi amaganiza kuti kudya nyama yonona kwambiri kuchulukitsa tesitositeroni, koma sizili choncho, chifukwa kolesitero wambiri thupi limadzipangira lokha, makamaka m'chiwindi, ndipo limapanga wokwanira. Kafukufuku wa amuna amene anachepetsa kwambiri mafuta m'zakudya anaonetsa kuti tesitositeroni amatsika pang'ono, koma kudya mafuta opitirira mlingo sikumukweza kuposa pamene ayenera kukhala.

Chimene chimasokoneza mahomoni kwenikweni ndi njala yobisika, ndiko kuti kudya mphamvu zochepa poyerekeza ndi zimene mukuwononga pabwalo, ndipo kusiya mafuta ndi njira yachidule yogwera m'vuto limeneli. Mafuta osungidwa m'thupi amatulutsa homoni yotchedwa leputini, imene imauza ubongo ngati nkhokwe ili ndi chakudya kapena ayi. Ubongo ukamva kuti nkhokwe ikuphwa umayamba kusinira, ndipo zoyamba kuchepetsedwa ndi ntchito zimene munthu angakhale ndi moyo popanda izo: uthenga wopita ku ziwalo zoberekera umafooka, esitirojeni kapena tesitositeroni amatsika, chithokomiro chimachepetsa ntchito, ndipo kotisolo amakwera. Kafukufuku wa Anne Loucks ndi anzake anaonetsa kuti kwa akazi uthenga umenewu umayamba kusokonekera pamene mphamvu zotsalira thupi, mutachotsera zowonongedwa pamasewera, zatsika pansi pa makalori 30 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi yosawerengera mafuta, ndipo kusokonekerako kumaoneka m'masiku asanu okha. Mu 2014 komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki inalemba za vutoli n'kunena poyera kuti limagwiranso amuna.

Atsikana a mpira wamanja, mfundo iyi muimve bwino, ngakhale ndi nkhani imene ambiri sitimasuka kuikamba pagulu. Msambo ukasiya kubwera kwa miyezi itatu pamene mulibe pathupi ndipo simukugwiritsa ntchito njira yolerera imene imauimitsa, sichizindikiro chakuti thupi lakhwima. Ndi chizindikiro chakuti esitirojeni akhoza kukhala watsika, ndipo mafupa, amene amayenera kulimba kwambiri munthu asanafike zaka 30, akupepuka; zotsatira zake ndi timing'alu ta m'mafupa a miyendo ndi a phazi timene timabwera popanda kugwa kapena kugundidwa. Zikatero pitani kuchipatala, ndipo mundidziwitse mwamseri kuti tione kadyedwe kanu. Kwa anyamata zizindikiro sizioneka msanga, koma kutopa kosatha, kudwaladwala chimfine, kuchepa kwa chilakolako ndi minofu yosakula ngakhale mukulimbikira n'zofunika kuzifufuza.

Nanga mlingo wake ndi wotani? Akatswiri a kadyedwe ka osewera amagwirizana kuti mafuta azipereka pakati pa magawo 20 ndi 35 pa 100 aliwonse a mphamvu za tsiku, ndipo amachenjeza kuti wosewera asakhale pansi pa magawo 20 kwa nthawi yaitali. Ine ndimalangiza kuti muziyang'ana pakati pa 25 ndi 30, chifukwa mukapitirira kwambiri, malo a nsima, mpunga ndi mbatata amachepa, pamene izi ndi zimene zimakupatsani mphamvu zothamangira mwaliwiro. Kuwerengera kwake n'kosavuta: tengani gawolo pa makalori a tsiku, kenako mugawe ndi 9. Mtsikana wolemera makilogalamu 60 amene akufunika makalori pafupifupi 2,400 asatsike pansi pa magalamu 53, ndipo pa magawo 30 amafika magalamu 80. Mnyamata wolemera makilogalamu 70 amene akufunika makalori 3,000 asatsike pansi pa magalamu 67, ndipo pa magawo 30 amafika magalamu 100. Amene sakonda masamu angokumbukira kuti galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake ndi pafupi ndi malire apansi.

Magalamu amenewa tiwaone m'mbale ya mtsikana uja. M'mawa adye phala la mgaiwa lothira supuni zazikulu ziwiri za nsinjiro, zimene zili ndi magalamu pafupifupi 7, ndi dzira limodzi lowiritsa, magalamu 5. Masana adye nsima ndi usipa ndi masamba otendera, pamene gawo lake la mafuta ophikira ndi supuni yaikulu imodzi, magalamu 14, ndipo nsinjiro ikuwonjezera ena 7. Akachoka pabwalo atafune mtedza wokazinga wodzaza chikhatho chimodzi, magalamu pafupifupi 15. Usiku adye mpunga ndi nyemba zophikira theka la supuni ya mafuta, magalamu 7, ndi theka la peyala lapakatikati, ena 15. Zonsezi ndi magalamu 70, ndipo tikawonjezera amene ali mu usipa ndi mu mgaiwa, umene umasunga mtima wa chimanga pamene ufa woyera umautaya, afika pafupi ndi 80 osakhudza nyama yonona kapena chokazinga chapamsewu. Mapeyala akatha nyengo yake, supuni ziwiri za chiponde zimalowa m'malo mwake bwinobwino.

Pa mtedza pali chenjezo limodzi lokha: sankhani bwino, ndipo wonyala, wachuku kapena wowawa mutaye, chifukwa chukucho chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene sachoka ndi kukazinga; nsinjiro yogula yosinjasinja imabisa mtedza wotere, choncho ndi bwino kusinja wanu. Pa tchipisi ndi kanyenya wapachiwaya, vuto silili pa kudya kamodzi pakanthawi, koma pa mafuta amene atenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda ndi kuchita thovu, popeza mafuta otere amakhala atawonongeka kale.

Nthawi yodyera nayo ili ndi kanthu. Mafuta amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, choncho chakudya chanu chachikulu patsiku lamasewera chidyedwe maola atatu kapena anayi mpira usanayambe, chikhale cha nsima kapena mpunga ndi ndiwo zopepuka, ndipo mtedza, chiponde ndi mapeyala musungire mukamaliza kusewera kapena chakudya chamadzulo. Amene muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena a ndulu musasinthe kadyedwe motsatira kalata ino musanafunse dokotala wanu. Ena nonse, lembani zonse zimene mudye kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, kuphatikizapo zotolatola zapanjira, ndipo mubwere nazo Lachisanu tikatha zokonzekera kuti tiwerengere limodzi mmodzimmodzi.

Mlangizi wanu wa kadyedwe