Ndondomeko yolawira khofi ya Lachiwiri m'mawa: kwa anzathu oyamba kumene ntchito

Lachiwiri lililonse timakumana patebulo lalitali nthawi ya 7 koloko, tisanatsegule. Bwerani musanadye tsabola, musanatafune chingamu, ndipo musadzole mafuta onunkhira, chifukwa fungo lanu limalowa m'mphuno za aliyense.

Mwezi uno tikulawa khofi wa mitundu itatu: wa ku Misuku ku Chitipa, wa ku Thyolo, ndi wa ku Ethiopia woumitsidwa ndi khungu lake lomwe. Yense wakazingidwa dzulo, mosapsereza. Maina ake ali pa timapepala tomata pansi pa makapu, ndipo musasuzumire mpaka titamaliza.

Kukonza tebulo

Khofi aliyense akhale ndi makapu atatu ofanana. Muyezo wake ndi magalamu 8.25 pa mamililita 150 a madzi, ndiye m'makapu athu a mamililita 200 muziika magalamu 11. Yezani pasikelo, osati ndi maso. Gayani kapu iliyonse payokha, mosalalitsa kwambiri, pafupifupi ngati mchere wa patebulo wokulirapo. Mukamasintha mtundu, yambani mwagaya timbewu tochepa ta khofi watsopanoyo n'kutaya, kuti zotsalira za woyamba zichoke m'makina.

Pa zimenezi sindinyengerera. Madzi, muyezo, kagayidwe ndi nthawi zikhale zofanana m'makapu onse, kuti kusiyana kumene lilime lanu limve kukhale kwa khofiyo basi.

Kulawa

1. Nunkhizani khofi wogayayo akadali wouma. Gwedezani kapu pang'ono, bweretsani mphuno pafupi, lembani chimene chabwera m'maganizo.

2. Thirani madzi a madigiri 93 mpaka kapu idzaze, khofi yense anyowe. Yambitsani wotchi. Kwa mphindi 4 musakhudze kapu.

3. Pamwamba pakhala patapanga chikhungu cha khofi. Weramani, mphuno pafupi, ndipo kankhani chikhungucho katatu ndi kumbuyo kwa supuni. Fungo lamphamvu limatuluka nthawi yomweyi ndipo silichedwa kutha, choncho wina asakulankhulitseni. Tsukani supuni m'madzi otentha musanapite pa kapu ina.

4. Ndi masupuni awiri, wengulani thovu ndi zoyandama zonse.

5. Pa mphindi 10, khofi atapolako, tungani ndi supuni, thirani m'kakapu kanu, ndipo mumwe mokoka mpweya mwamphamvu mpaka phokoso limveke. Musachite manyazi. Kukokako kumamwaza khofi m'kamwa monse n'kukweza fungo kumphuno. Lavulirani m'kapu yolavulira, chifukwa makapu 9 kuwameza onse manja ayamba kunjenjemera makasitomala asanafike.

6. Zungulirani tebulo katatu: khofi ali wotentha, ali wofunda, ndiponso atazizira. Khofi wabwino amatsekemera akamapola. Wokhala ndi vuto amabisala pa kutentha, kenaka n'kuonekera poyera.

Zolemba papepala

Pa khofi aliyense yankhani mafunso asanu. Akununkhira chiyani? Akuwawasa bwanji, ngati ndimu, ngati bwemba, kapena ngati malambe? Akutsekemera ngati uchi, nzimbe kapena mbatata yootcha? M'kamwa ndi wopepuka ngati tiyi kapena wolemera ngati mkaka? Mukalavula, chimatsala n'chiyani, ndipo chimakhalitsa?

Ambiri oyamba amasokoneza kuwawasa ndi kuwawa, n'chifukwa chake patebulo pamakhala madzi a mandimu ndi tiyi wokhalitsa m'ketulo, kuti mulawe n'kusiyanitsa. Lembani mawu a zakudya zimene mwadyapo. Ngati khofi akukukumbutsani masuku kapena mtedza wokazinga, lembani zomwezo. Kutchula chipatso chimene simunachionepo sikungakuthandizeni pamene kasitomala wafunsa kuti asankhe uti. Mukamva fungo la nkhungu, la thumba lonyowa, kapena m'kamwa mukauma ngati mwadya nthochi yosapsa, lembaninso, ndipo muone ngati zili m'makapu onse atatu kapena imodzi yokha. Mbewu imodzi yoola imatha kuwononga kapu yonse.

Nthawi yonseyi timakhala chete, ngakhale kukwinya nkhope ayi. Wina akangonena kuti "uyu ndi wowawasa," tebulo lonse limamva kuwawasa. Tikamaliza, woyamba kulankhula ndi amene wangolowa kumene ntchito, ine ndimalankhula pomaliza. Kenaka timatembenuza makapu n'kuona maina.

Mayeso a sabata lachinayi

Mudzapeza makapu atatu, awiri a khofi mmodzi, imodzi ya wina. Lozani yosiyanayo. Tidzachita zimenezi kasanu. Amene walondola kanayi adzayamba kuphunzira kusintha kagayidwe ka esipureso. Amene sanafikepo adzabwereza sabata lotsatira, ndipo tidzalawira limodzi. Mapepala anu muziwasunga m'faelo ili pafupi ndi sikelo, mutalemba dzina ndi tsiku.